Kudandaula za mphete imene munaichepetsa, mwala umodzi n'kutayika

Kwa Bwana Woyang'anira,

Ndikulemba kalata ino podandaula ndi ntchito imene amisiri anu anagwira pa mphete yanga ya golide wa makarati 18, yomwe ili ndi mwala wa safiro pakati ndi timadayamondi tisanu mbali iliyonse. Ndinaibweretsa milungu isanu ndi umodzi yapitayo kuti muichepetse ndi masaizi awiri komanso muone ngati miyala yonse ili yolimba. Pa lisiti munalemba kuti zonse zayenderedwa ndipo zili bwino, koma lero kadayamondi kamodzi kasowa ndipo safiroyo akugwedera.

Ndiyambe ndi timadayamondi, chifukwa m'pamene ndikuona kuti kulakwa kwanu n'koonekeratu. Timiyala timeneti tinandandalikidwa m'kangalande pakati pa makoma awiri a golide, ndipo chimene chimatigwira ndi timizere togoba m'kati mwa makomawo, momwe m'mphepete mwa mwala uliwonse mumalowa, golide wa pamwamba n'kupanikizidwa pang'ono kuti auphimbe. Pakati pa mwala ndi unzake palibe chitsulo chilichonse. Ubwino wake ndi woti mphete ikagunda pa chinthu cholimba, chogundidwa ndi khoma osati mwala, koma mphamvu yonse yagona pa kutalikirana kwa makoma awiriwo. Mmisiri akadula mphete kunsi n'kuipinda kuti ichepe, mapewa ake amakhota kuposa kale, kangalande kamasintha maonekedwe ndipo miyala imamasuka. Aliyense wodziwa ntchitoyi akamaliza kuchepetsa amabwerera kukangalande n'kulimbitsa mwala umodziumodzi. Nditayang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu ka 10, ndinaona kuti khoma la mbali imene mwatayika mwala lakanuka, ndipo timiyala tiwiri toyandikana ndi mpatawo timasuntha ndikatikankha ndi kamtengo kotokosera m'mano. Poyamba pakati pawo sipankapita ngakhale tsitsi.

Safiro wapakati amagwiridwa ndi tizikhadabo tinayi. Kachikhadabo kalikonse kamayenera kugobedwa m'kati kuti chiuno cha mwala chikhalepo bwino, nsonga yake n'kupindidwira pamwamba mpaka igone pa mwala osasiya mpata. Pa mphete yanga, kamodzi kadzuka moti kamakola ulusi wa juzi nthawi zonse ndikamavala, ndipo kena kaphwatalala n'kupyapyala chifukwa chopukutidwa kwambiri pa makina owalitsira. Ndikaika mphete pafupi ndi khutu n'kuigogoda ndi chala, ndimamva kuphokosera kwa mwala. Pa mphete ya tizikhadabo tisanu ndi kamodzi, kamodzi kakafooka totsalato timathabe kusunga mwala mpaka mwini azindikire. Pa tinayi, kamodzi kakalephera mbali yonse imakhala pambalambanda, ndipo ine ndili ndi tiwiri tokayikitsa.

Nditabwera kudzafotokoza zimenezi, wogulitsa wanu anandiyankha kuti mwina ndinamenyetsa mphete penapake, n'kuwonjezera kuti safiro ndi mwala wolimba womwe sungaonongeke. N'zoona kuti pa sikelo ya Mohs safiro ali pa 9 ndipo dayamondi ali pa 10, koma sikeloyo imanena za kukandika basi. Mwala wovuta kukanda ukhoza kubenthuka ndithu ukagundidwa m'chiuno, pomwe ndi popyapyala, makamaka ngati ukugwedera ndi kumadziguguda pa chitsulo. Ndipo kukanakhala kumenyetsa, golide akanaonetsa chipsera kunja kwa khoma, pomwe palibe ngakhale kamzere. Chimene chinandikhumudwitsa koposa n'chakuti anati akhoza kudonthezapo guluu. Mwala wosemedwa chotere umagwiridwa ndi chitsulo, ndipo guluu amangobisa vuto kwa kanthawi kwinaku akuzimitsa kuwala kwa mwala kunsi.

Choncho ndikupempha kuti mubwezeretse kadayamondi kotayikako ndi kena kofanana kukula ndi mtundu, muwongole khoma la kangalande ndi kulimbitsa miyala yonse khumi, ndiponso muwonjezere golide pansonga za tizikhadabo tiwiri tija, zonsezi popanda ine kulipira. Ngati mmisiri wanu aona kuti tizikhadabo tafookeratu, ndili wokonzeka kuti safiro aikidwe m'mkombero wa golide wozungulira chiuno chake chonse, womwe m'mphepete mwake amaupindira pa mwala. Ndikudziwa kuti mkombero umabisa mbali ina ya mwala ndi kuuonetsa wocheperako, koma sukola nsalu ndipo umateteza m'mphepete monse, zomwe zikundiyenera ine amene ndimagwira ntchito ndi manja tsiku lonse. Kusiyana kwa mtengo pa ntchito imeneyo tingakambirane.

Mphete ndaivula ndipo ndaisunga m'kabokosi kake pamodzi ndi lisiti ndi zithunzi zomwe ndinajambula ndisanaibweretse kwa inu. Ndikuyembekezera yankho lolembedwa pasanathe masiku 14, ndipo ndingakonde kuti mmisiri adzaiyang'ane ine ndili pomwepo.

Ine kasitomala wanu wodandaula.