Ndilembe bwanji kalata yopempha adivansi osaoneka wopemphetsa kapena wamwano?

Zikomo Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa feteleza ndi mbewu pa Dedza boma. Ndatha zaka zinayi pamenepo, ndipo malipiro anga a pamwezi ndi K180,000. Mwana wanga wamkulu ali Fomu 3, fizi yake ikufunika pofika pa 12 Janyuwale. Ndaperewera ndi K90,000, chifukwa kangachepe komwe ndinasunga ndinakathira kumunda wa kachewere ku Bembeke, ndipo kukumba kudakali kutali.

Usiku wina tulo titandisowa ndinawalembera abwana pa WhatsApp. Ndikuchita manyazi, komabe ndinalemba chonchi: "Bwana pepani kukuvutitsani usiku uno. Zandithina, ndilibe kolowera. Chonde ndagwira mwendo wanu, ndithandizeni ndi kangachepe kalikonse. Inu ndinu mayi ndinu bambo, Mulungu akudalitsani." Timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo. Yankho mpaka lero kulibe, ndipo m'mawa mwake anangondipatsa moni ngati palibe chachitika.

Ndinawaonetsa uthengawo bambo omwe amawerengera ndalama pamalo pathu. Anavula magalasi, nkundifunsa kuti, "Achemwali, zimenezi ine ndingazilowetse pati m'buku? Kangachepe ndi ndalama zingati? Mukuzifuna liti, nanga mubweza bwanji? Abwana akakutulutsirani K5,000 ya m'thumba mudzanena kuti sanakuthandizeni?" Anati zomwe ndinalembazo zikumveka ngati ndikupempha mphatso, pamene ine ndikufuna ndalama yoti ndidzaigwirire ntchito ndi manja angawa.

Anandiuzanso chinthu china chomwe sindinkachidziwa. Pamalo pathu adivansi imadulidwa yonse pamalipiro a mwezi womwewo. Yobweza pang'onopang'ono imalembedwa ngati ngongole. Ndikanangoti "adivansi" akanadula K90,000 kamodzi, ku SACCO komwe ndili ndi ngongole ina nkudulanso K25,000 yawo ya mwezi ndi mwezi, ine nkutsala ndi K65,000, pamene lendi yokha ndi K40,000. Ndiye kuti February ndikanapezeka kwa akatapila.

Ndakhala pansi ndalembanso papepala motere:

"Kwa Bwana Manijala,
Pempho la ngongole ya K90,000
Ndikupempha kuti kampani indibwereke K90,000 pofika pa 10 Janyuwale, yolipirira fizi ya mwana wanga. Ndikuvomereza kuti muzidula K30,000 pamalipiro anga a Janyuwale, Febuluwale ndi Malichi. Ndili ndi ngongole ina ku SACCO yomwe ndimabweza K25,000 pamwezi, kotero ndizitsala ndi K125,000. Ndaphatikiza kalata ya kusukulu yosonyeza ndalama yofunikayo. Ngati K90,000 siyitheka, chonde mundiuze yomwe ingatheke pofika Lachisanu kuti ndione kwina. Zikomo."

Pansi pake ndaika dzina, ntchito yanga, tsiku ndi kusayina. Bambo aja aiwerenga, akuti ili bwino. Koma ine sindinaipereke, ili m'chikwama sabata yonse ino.

Chikundiimitsa nchakuti abwana athu ndi munthu wamkulu, wachingoni weniweni, woti polankhula nawo timapinda maondo. Ndikaiwerenga kalatayi imandimvekera youma, ngati ndikuwalamula. Makamaka mawu oti "pofika Lachisanu". Kodi mwana angawaikire tsiku akuluakulu? Komabe ndikawachotsa, ndikuopa kuti andisiyanso m'malere monga poyamba paja, tsiku la fizi nkundipeza ndikudikira. Kodi pali kalembedwe koti tsikulo likhalepo koma ulemu usachoke? Kapena ndiipereke pamanja ndekha, moni ndi kupepesa zikhale zapakamwa, pepala lingonyamula manambala?

Za SACCO zija mlongo wanga akuti ndizichotse, ati ndikudziwotcha ndekha, abwana aona ngati ndine munthu wangongole. Ine ndikuona kuti kubisa nkosathandiza, poti ndalamayo imadulidwa pa ofesi yomweyo ndipo imaoneka papepala la malipiro. Inu mukuona bwanji? Nanga uthenga wa usiku uja ndiutchule ndi kupepesa, kapena ndingoukwirira?

Palinso kena kakang'ono. Kubanki m'khonde kwathu ndinatenga K50,000 yoti ndibweze pa 30 Janyuwale pamodzi ndi chiwongola dzanja cha K10,000. Ndikufuna kuwalembera amayi apampando kuti pa 30 ndipereka K10,000 yachiwongolayo, K50,000 ndidzamalize pa 28 Febuluwale, ndipo ngati malamulo a gulu akufuna chindapusa ndilipira. Awa ndi amayi anzanga, ena timapemphera limodzi. Kodi kwa anthu otere kalata ngati ya kuofesi siyioneka yodzikweza? Gulu likukumana Lachitatu likudzali, ndipo ndikufuna pempho langa lifike tsikulo lisanakwane.

Ine wanu,
Mayi wa ku Dedza