Mzukwa ukalowa m'nyumba, upatseni madzi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Mitu itatu ya buku lanu yafika ndipo ndaiwerenga kawiri. Mwafunsa chifukwa chake gawo lija la agogo omwalira obwera kudzakhala pakhonde likumveka ngati nthano yoopsezera ana, pomwe inu mumafuna kalembedwe kaja ka majiko riyalizimu, kamene zamizimu zimayenda limodzi ndi za tsiku ndi tsiku popanda wina kuzizwa nazo. Agogowo alibe mlandu. Chavuta ndi anthu amene mwawaika pafupi nawo, komanso mawu a wofotokoza nkhani.

Tiyeni tione mmene Gabriel García Márquez wa ku Colombia anachitira m'buku lake la 1967, Cien años de soledad, lonena za zaka 100 za banja la Buendía m'mudzi wa Macondo. José Arcadio Buendía anapha Prudencio Aguilar pomubaya ndi mkondo pakhosi, atanyozana pa mpikisano womenyanitsa atambala. Womwalirayo anayamba kuoneka pabwalo usiku, akuyesa kutseka bala lakelo ndi kamtolo ka udzu. Úrsula, mkazi wa wakuphayo, sanakuwe, sanakomoke. Anamumvera chisoni, ndipo atazindikira kuti munthuyo akufunafuna madzi onyowetsera udzu uja, anaika mitsuko ya madzi m'malo osiyanasiyana a nyumba. Mitsuko imeneyi ndiyo yanyamula gawo lonselo. Mayiyu wamuona mzukwa monga mlendo amene ali ndi vuto, ndiye wowerenga nayenso amangotsatira.

Tsopano yang'anani gawo lanu. Agogo atangooneka, mdzukulu akugwetsa mbale, tsitsi likumuima, m'mawa mwake banja lonse lili kwa sing'anga kukafunsa amene wachita zimenezi. Pamenepo nkhani yasanduka ya ufiti, ndipo nkhani ya ufiti ili ndi njira yake: pamakhala woipa, pamakhala kuombeza, pamakhala mankhwala otsirikira nyumba. Si yoipa ayi, koma si imene mukufuna. Funso la m'nyumba mwanu lisakhale lakuti agogo abwera bwanji. Likhale lakuti adzakhala pa mkeka uti, nanga ufa ukwanira kodi, popeza pakamwa pawonjezeka.

Kudabwa sikuti kumachotsedwa m'bukumo, kumangosamutsidwa. Anthu a ku Macondo amene sazizwa ndi womwalira woyendayenda, amazizwa ndi madzi oundana. José Arcadio Buendía atawaona koyamba m'tenti ya anthu oyendayenda oonetsa zachilendo, anayesa kuti ndi dayamondi wamkulu kuposa onse padziko, nalipira ndalama yapadera kuti angowakhudza. Sitima ya pamtunda itafika, mayi wina amene ankachapa kumtsinje anathamanga akukuwa kuti kukubwera khitchini yokoka mudzi wonse. Inunso sankhani chinthu chimodzi wamba chimene anthu anu adzachiyang'ane kukamwa kuli yasa, kuti bata limene ali nalo pa agogo lionekere bwino.

Kenaka pali nkhani ya manambala. Márquez ankati njira iyi anaitenga ku utolankhani: ukanena kuti njovu zikuuluka palibe akukhulupirira, koma ukati njovu 425 zikuuluka anthu amayamba kuyang'ana kumwamba. N'chifukwa chake mvula ya ku Macondo inagwa zaka 4, miyezi 11 ndi masiku awiri, osati "nthawi yaitali". Wansembe Nicanor akamwa chokoleti chotentha ankanyamuka pansi masentimita 12, ndipo ankachita zimenezi pofuna kusonkhetsa ndalama zomangira tchalitchi. Taonani kuchepa kwake, sakufika ndi m'mawondo momwe! Akanauluka kupitirira madenga ikanakhala nthano chabe. Masentimita 12 akumveka ngati panali munthu amene anagwada ndi rula n'kuyeza.

Gawo limene ndikufuna muliwerenge mofatsa ndi la Remedios, mtsikana wokongola uja amene anakwera kumwamba. Zinachitika masana ena a mwezi wa Malichi, amayi a m'nyumbamo akupinda nsalu zofunda m'dimba la maluwa. Kamphepo kanalanda nsaluzo m'manja mwa Fernanda, mmodzi wa amayiwo, Remedios nayamba kukwera nazo uku akutsazika ndi dzanja. Wolembayo anafotokoza kuti gawoli linamukanika, mtsikanayo sankanyamuka, mpaka tsiku limene anaona mayi wochapa akulimbana ndi mphepo poyanika nsalu. Chozizwitsa chimafuna chogwirira, chinthu cholemera chimene wowerenga anachigwirapo ndi manja ake. Ndiye mverani zotsatira zake: Fernanda anapitiriza kupempha Mulungu kuti amubwezere nsalu zake. Anthu ochokera kwina ankanong'onezana kuti mtsikanayo wathawa ndi mwamuna, banja likungobisa manyazi. Miseche imeneyi wolemba anailola kulowa m'buku, koma anaiika m'kamwa mwa alendo. Wofotokoza nkhani sanagwedezeke nayo.

Apa ndi pamene Chichewa chathu chingakupunthwitseni. Tinazolowera kufotokoza zachilendo ndi mawu akuti "akuti", "ati", "zikumveka kuti". Mawu amenewa amauza womvera kuti wolankhulayo sanaone yekha, asaimbidwe mlandu. M'mitu yanu ndawerengamo "akuti" kasanu ndi kawiri pa masamba awiri okha, ndipo aliyense akuchotsa mwendo umodzi wa mpando umene agogo akhalapo. Fufutani onsewo. Fufutaninso "mwadzidzidzi", "modabwitsa" ndi "ngati kutulo". Lembani kuti agogo anafika Lachitatu mvula itakata, nadandaula kuti mtondo wawo ausiya padzuwa. Márquez ankati anaphunzira kalankhulidwe aka kwa agogo ake aakazi ku Aracataca, amene ankasimba zinthu zosatheka nkhope ili gwa, osasintha ngakhale pang'ono. Ndime yomaliza ija imene mdzukulu akudzidzimuka n'kupeza kuti amalota, ichotseni ndithu, chifukwa mukumulanda wowerenga chimene mwamupatsa kale.

Pali malire ake. Zozizwitsa zikachuluka tsamba lililonse zimasukuluka ngati tiyi wothira madzi kawiri. Komanso chozizwitsa chisathetse vuto limene munthu anayenera kulithetsa yekha. Mzukwa wa Prudencio sunaulule chinsinsi, sunalange munthu. Unangokhalapo ndi chisoni chake mpaka wakuphayo analephera kugona, nakwirira mkondo uja pabwalo, nadula makosi a atambala ake, nasamuka ndi anzake kukayambitsa Macondo. Mzukwawo ndi chikumbumtima chimene chapatsidwa miyendo. Dzifunseni kuti agogo anu akunyamula chiyani chimene amoyo akukana kuchitchula. M'mutu wachiwiri mwangokhudza pang'ono za munda umene amalume anagulitsa maliro asanathe. Ine ndikuona kuti ndi umenewo.

Muonenso mmene buku la Márquez limatembenuzira zinthu likafika pa mbiri yeniyeni. Mu Disembala 1928 asilikali anaombera antchito a m'minda ya nthochi ya United Fruit Company amene ankanyanyala ntchito ku Ciénaga. M'bukumo ophedwa ndi oposa 3,000, mitembo yawo ikunyamulidwa pa sitima kukatayidwa m'nyanja, koma wopulumuka atabwerera kumudzi aliyense akumuuza kuti kuno sikunafe munthu. Nambalayo wolemba anavomereza kuti anaikulitsa dala. Mudzi umene unalandira mzukwa popanda funso ndi womwewo ukukana chinthu chimene chinachitika poyera. Amalume anu angachite chimodzimodzi: azipatsana moni ndi agogo m'mawa uliwonse, koma nkhani ya munda ikangoyamba aziti sakuidziwa.

Lembaninso mutu woyamba wokhawo, munditumizire usanathe mwezi uno. Muyambire pa mkeka. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ine wanu,
Mnzanu wa kumudzi