Ndinavomera malo pa maphunziro koma sindipitanso, ndiwauze bwanji amene anandilankhulira?

Okondedwa Alangizi,

Ndagwira njakata pa nkhani ya kuntchito, ndipo ndikupempha nzeru zanu msanga chifukwa tsiku lililonse limene ndikukhala chete likuwonjezera vuto. Ndine mayi wogwira ntchito mu ofesi yowerengera ndalama pa bungwe lina laling'ono. Mwezi watha ndinasankhidwa kukachita nawo maphunziro a sabata imodzi a kalembedwe ka malipoti a ndalama opita kwa mabungwe amene amapereka thandizo. Malo analipo 20 okha, ndipo amene analembera anali ochuluka kuposa pamenepo. Zonse ndi zolipiridwa: kogona, mabuku ndi mayendedwe. Ndinayankha imelo yovomera, ndinasayina fomu yolonjeza kuti ndidzakhalapo kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, ndipo abwana anga nawonso anasayina kuti andimasula.

Tsopano zinthu zatembenuka. Maodita amene timawayembekezera mwezi wamawa alemba kuti abwera sabata yomweyo ya maphunziro, ndipo mafayilo a malisiti ndi mavawutcha amene adzafune ali m'manja mwanga. Mu ofesi mwathu tilimo awiri, mnzangayo ndi watsopano. Abwana andiuza mosapita m'mbali kuti sindichoka. Kwatsala masabata awiri kuti maphunziro ayambe.

Chikanakhala chinthu chopepuka akanakhala kuti otsogolera maphunzirowa ndi munthu amene sindimudziwa. Koma ndi mayi amene anandiphunzitsapo kale, ndipo ndi iwo amene ananditumizira chidziwitso cha maphunzirowa n'kundiuza kuti ndilembere. Ndinamva kwa mlembi wa okonza maphunzirowa kuti pa nthawi yosankha, dzina langa linali m'malire, ndipo mayiwa ndi amene anati, mwanayu ndimamudziwa, sangatigwiritse mwala. Ntchito yathuyi anthu ake ndi ochepa ndipo amadziwana. Mayiwa amaitanidwa kukafunsa anthu mafunso polemba ntchito, amalembera anthu makalata a umboni, ndipo ine ndimaganiza kuti tsiku lina ndidzawapempha kalata yotere.

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti ine ndimadziwa zimene zimachitika kuseri munthu akasiya malo mochedwa, chifukwa misonkhano ya bungwe lathu ndimalipira ndine. Malo ochitira msonkhano amafuna kuti muwauze chiwerengero chomaliza cha anthu kudakali masiku angapo, ndipo tsikulo likadutsa, chipinda cha munthu amene sanabwere mumalipirabe. Amene anapereka ndalama akawona kuti invoyisi ikunena anthu 20 pamene ndandanda ya osayina ili ndi mayina 19, amafunsa, ndipo woyankha si amene sanabwereyo, ndi amene anakonza. Ndiye palinso anthu amene anaikidwa pa mndandanda wodikira. Munthu wotere sangangonyamuka. Ayenera kupempha tchuthi, kupeza womusiyira ntchito, mwinanso womusiyira ana. Mukamuuza kudakali masabata awiri angathe. Mukamuuza Lachisanu kuti Lolemba abwere, nthawi zambiri akana, ndipo mpandowo ungokhala wopanda munthu.

Pamwamba pa izi, mayiwa anatigawa kale m'magulu a anthu anayi anayi. Gulu lililonse lidzagwiritsa ntchito lipoti lenileni la bungwe la mmodzi wa iwo, atafufuta mayina, ndipo pagulu lathu lipotilo ndinalonjeza kubweretsa ndine. Ndiye kuchoka kwanga sikungochotsa munthu mmodzi pa mpando, kukusiya anthu atatu opanda chogwirira ntchito pa tsiku lachitatu ndi lachinayi.

Malangizo amene ndalandira mpaka pano akungondizunguza mutu. Abwana anga akuti nditumize mnzanga watsopanoyo m'malo mwanga, popeza malowo ndi a bungwe lathu. Ine sindikuwona choncho. Kalata yondisankha ili ndi dzina langa, ndipo anasankha poyang'ana zaka zimene munthu wagwira ntchitoyi. Ndikangomutumiza, ndiye kuti ndawasankhira munthu eni ake, ndadumphitsanso amene akudikira pa mzere. Koma mwina kungomutchula n'kuwasiyira okha kuti aganize sikulakwa? Apa sindikudziwa pamene pali malire pakati pa kuthandiza ndi kulamula.

Mnzanga wina wapamtima akuti ndikhale chete, ndiye Lamlungu madzulo nditumize uthenga woti mwana wadwala, chifukwa palibe amakwiyira mayi amene mwana wake wadwala. Izi ndakana. Kupatula kuti kunamizira mwana matenda kumandinyansa, bodza limenelo silingakhalitse. Mmodzi wa anthu a m'gulu lathu amagwira ntchito ku bungwe limene timachita nalo zinthu limodzi, ndipo adzamva ndithu kuti sabata imeneyo ndinali mu ofesi ndi maodita. Komanso bodzalo limafuna kuti ndidikire mpaka nthawi imene malo anga sangathenso kupatsidwa wina, kumene ndi kuwononga kwenikweniko.

Mwamuna wanga, amene amakonda zoyanjanitsa, akuti ndipite masiku awiri oyamba kenako ndibwerere ku ofesi. Poyamba ndinawona ngati zanzeru. Koma satifiketi amapereka kwa amene wakhalapo masiku onse, ntchito ya magulu ili m'masiku amene ine kudzakhale kulibe, ndipo chipinda chidzalipiridwa sabata yonse. Ndidzakhala ndadya malo a munthu popanda ine kupindula kapena iye. Ndipo tisabisane, anthu akawona wina wabwera masiku awiri, wasayina, wasowa, amati anangobwerera alawansi. Mbiri imeneyo sindikuifuna.

Ndiye mumtima mwanga ndatsimikiza kuti ndinene zoona ndipo ndisiye malowo kwathunthu. Pamene ndaima ndi pa kanenedwe kake.

Choyamba ndi nthawi. Abwana akuti alembera maodita kuwapempha kuti asunthe ndi sabata imodzi, koma abwana eni akewo akuti mwayi wake ndi wochepa, ndipo yankho lingatenge masiku angapo. Kodi ndidikire yankholo, pomwe masiku a munthu wa pa mndandanda wodikira akutha? Kapena ndisiye malowo lero, ndivomereze kuti maodita akasuntha ndiye kuti ndaluza pawiri? Pali njira yachitatu, yowauza mayiwa momwe zilili n'kuwalonjeza yankho lomaliza pofika Lachinayi, kuti iwo ayambe kumutsina khutu wodikirayo. Koma ndikuopa kuti kutero n'kuwasenzetsa nkhawa yanga, komanso kumuika munthu wina m'malere. Inu mukanakhala iwo, mukanakonda kumva "mwina" lero kapena "ayi" wotsimikizika mochedwerapo?

Kenako ndi woyamba kumuuza. Kalata yondisankha inati aliyense amene zasintha alembere mlembi wa maphunziro. Mwalamulo ndi pomwepo. Koma ndikuganiza m'mene mayiwa angamvere atatsegula ndandanda n'kupeza dzina langa lafufutidwa, kapena atamva kwa mlembiyo pamaso pa anzawo amene anawatsimikizira za ine. Maganizo anga ndi oti ndiwaimbire foni iwowo poyamba, ndipo tikangomaliza kulankhula nditumize imelo kwa mlembi, iwo ndiwapatse kope, kuti pakhale cholembedwa choika mu fayilo. Chimene chikundikayikitsa n'chakuti foni imamukakamiza munthu kuyankha nthawi yomweyo, asanameze n'komwe nkhaniyo, ndipo anthu aulemu ngati iwo amangoti palibe vuto pamene vuto lilipo. Pa gulu lathu la WhatsApp ndiye sindilembapo chilichonse mpaka iwo atadziwa, zimenezo zokha ndikuzidziwa.

Uthenga umene ndalemba, koma sindinatumize, ndi uwu:

"Mayi, ndikulemba kukudziwitsani kuti sinditha kuchita nawo maphunziro aja. Maodita asuntha ulendo wawo kubwera sabata yomweyo, ndipo kuntchito andibweza chilolezo. Ndikudziwa kuti munandilankhulira kuti ndipeze malowa, ndipo ndikupepesa kwambiri chifukwa cha ntchito imene kusinthaku kukupatseni. Ndati ndinene lero kuti malowo apite kwa wina nthawi ikadalipo. Lipoti limene ndinalonjeza gulu lathu ndilitumiza pofika Lachisanu, mayina atafufutidwa, pamodzi ndi tsamba lofotokoza m'mene linakonzedwera. Ngati pali ndalama zimene zalipiridwa kale chifukwa cha ine ndipo sizingabwezedwe, chonde ndidziwitseni."

Ndauwerenga mpaka mawu ake asiya kumveka. Mnzanga wapamtima uja akuti ndi wouma ngati kalata ya ku banki, ndiwonjezere kudandaula. Ine ndikuwona kuti kupepesa kukachuluka kumasanduka kupempha kuti akutonthoze, ndiye munthu amene wamusokonezera ntchito ayambenso kugwira ntchito yokupukuta misozi. Kodi kupepesa kamodzi kukwanira?

Chiganizo chomaliza chija, cha ndalama, nachonso chikundivuta. Fomu imene ndinasayina inati wosiya malo popanda chifukwa chomveka angathe kufunsidwa kubweza zimene zawonongedwa, koma sinanene kuti chifukwa chomveka ndi chiti. Ngati pali wobweza, ndikuwona kuti ndi bungwe lathu, popeza abwana anasayina okha kuti andimasula ndipo ndi iwo abweza mawu. Ndinawapempha kuti alembe kalata yaifupi yotsimikizira zimenezi. Anati alemba, koma nkhope yawo sinasangalale. Kodi ndilimbikire kuti kalatayo ipite limodzi ndi uthenga wanga? Mbali ina ikundiuza kuti iwathandiza mayiwa kukhala ndi choonetsa kwa amene anapereka ndalama. Mbali ina ikuti ziwoneka ngati ndikubisala kumbuyo kwa abwana, kapenanso ndikuneneza bungwe langa kwa anthu akunja.

Ndipo pali china chimene dala sindinachiike mu uthengawo. Ndimafunitsitsa maphunzirowa, ndipo ndinamva kuti mwina adzachitikanso. Ndikuopa kuti ndikapempha malo a ulendo wina m'kalata yomweyo imene ndikubwezera malo a ulendo uno, zimveka ngati ndikuwona malowo ngati anga osungidwa. Koma ndikakhalanso chete, angaganize kuti sindinawafune kwenikweni. Maganizo anga ndi oti ndidikire maphunziro athe, ndiye ndiwalembere kufunsa m'mene zinayendera ndiponso ngati lipoti lija linathandiza, kenako akadzalengeza ena ndidzalembere ngati wina aliyense, osawapempha kuti andilankhulirenso. Kodi kutero n'kokwanira kuti ubale wathu usazilale, kapena pali china chimene munthu amayenera kuchita pakatipa?

Chonde ndiyankheni makamaka pa funso la nthawi lija, ngati ndidikire maodita kapena ndiimbe foni mawa m'mawa. Ndipo ngati mukuwona mawu ena mu uthengawo amene angawakhumudwitse mayiwa, ndiwonetseni kuti ndiwachotse ndisanatumize.

Ine wanu,
Mayi wothedwa nzeru