Chithunzi cha magazi a wodwala chisamakongoletsedwe

A Mkonzi,

Tiloleni tichenjeze anzathu a m'malabu pa chizolowezi chojambula magazi a wodwala malungo ndi foni kudzera pa diso la maikulosikopu, kenako n'kuchikonza chithunzicho ndi pulogalamu yokongoletsa asanachitumize kwa mnzawo kuti awathandize kuwerenga. Nyengo ya mvula ikafika, odwala a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa akachuluka, chiyeso chochita zimenezi chimakula.

Kachilombo ka malungo kakadali kakang'ono kamaoneka ngati mphete. Magazi akapakidwa utoto wa Giemsa, mpheteyo imakhala yobiriwira ngati thambo, ili ndi kadontho kofiira pambali. Selo yofiira ya magazi ndi yotambalala mamaikulomita 7 kapena 8, pomwe mphete sifika ngakhale theka lake. Ndiye pa chithunzi cha foni chosawala bwino, mphete yonse imangokhala timadontho towerengeka. Kanyenyeswa ka utoto wosasefedwa nakonso kamaoneka chimodzimodzi.

Vuto lagona apa. Kuwalitsa chithunzi chonse mofanana sikulakwika, chifukwa kumangoonetsa zomwe kamera inagwira kale. Koma mapulogalamu ambiri amakono akapeza malo osaoneka bwino amaganizira okha zomwe zinayenera kukhalapo, potengera zithunzi zina zomwe anaphunzitsidwa nazo, n'kuzijambulapo. Kanyenyeswa kaja kamapatsidwa m'mphepete mosalala, kamazungulira, basi kasanduka mphete. Zimene mandala sanaone, palibe pulogalamu ingazibweze, ingathe kungopeka.

Taonani masamu ake. Pa magazi opakidwa mochindikala timawerenga tizilombo poyerekeza ndi maselo oyera 200, n'kutenga kuti dontho la maikulolita imodzi lili ndi maselo oyera 8,000. Tizilombo 10 ndiye kuti 400 pa maikulolita. Pulogalamu ikawonjezera mphete zabodza 5, chiwerengero chafika 600. Komabe zimenezo n'zochepa. Choopsa ndi mwana wotentha thupi amene alibe kachilombo ngakhale kamodzi: mphete imodzi yopeka ikwanira kuti apatsidwe LA n'kubwerera kwawo, chibayo kapena matenda oumitsa khosi zikumudya. Kufufuta nakonso kumachitika, poti pulogalamu yochotsa "litsiro" pa chithunzi imatha kusesa mphete yeniyeni.

Chithunzi chopeka chimadziulula. Mphete zake zimakhala zosalala mopitirira, zofanana ngati mapasa, pomwe maselo ozizungulira ali mbuu. Mukakonza chithunzi choyambirira chomwecho ndi pulogalamu ina, mphete zimasintha maonekedwe kapena kuzimiririka kumene.

Choncho chithunzi choyambirira chisungidwe osachikhudza, ndipo potumiza pa WhatsApp chipite ngati fayilo, chifukwa njira ya masiku onse imachifinya n'kutaya tinthu ting'onoting'ono. Ngati mwachiwalitsa, nenani kuti mwatero. Pakakhala chikaiko, bwererani ku kagalasi komwe munapakapo magaziwo, donthezani mafuta, gwiritsani mandala okuza ka 100, muyang'ane malo osachepera 100 musanalembe zotsatira. Kagalasi kakakhala kauve, sefani utoto mupake kena.

Ogwira ntchito mu labu,
Zomba