Lipoti la msonkhano wa magulu a owerenga: mabuku aulere pa mafoni aang'ono

A Tcheyamani, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse, zikomo pondituma kukaimirira gulu lathu pa msonkhano wa magulu a owerenga umene unachitikira ku Lilongwe. Munandiuza kuti ndikafunse chinthu chimodzi: kodi munthu amene ali ndi kafoni ka itel kapena Tecno, kamalo ochepa, ndipo bandulo amagula ya tsiku limodzi, angapeze bwanji mabuku osalipira? Yankho limene ndabwera nalo ndi loti tisatanganidwe ndi kusaka pulogalamu yabwino koposa zonse. Chimene chimadya ndalama ndi malo a mufoni ndi mtundu wa fayilo imene tatsitsa, ndiye tiyambire pamenepo.

Ambirife tinazolowera PDF chifukwa ndi imene imayenda pa WhatsApp. Vuto lake ndi loti tsamba la PDF linakonzedwa molingana ndi pepala, choncho pa galasi laling'ono zilembo zimakhala ngati nyerere, ndipo ukazikulitsa umayamba kukankhira tsamba kumanja ndi kumanzere pa mzere uliwonse. Ophunzitsa anatitsegulira buku limodzi lomwelo m'mafoni awiri ofanana, ina PDF, ina EPUB, womwe ndi mtundu wina wa fayilo ya buku. Mu EPUB mawu amadzikonza okha kuti akwane pa galasi. Mayi wina wachikulire amene anaiwala magalasi ake anakulitsa zilembo mpaka mzere umodzi unatsala ndi mawu anayi okha, koma palibe liwu limene linathawira kumbali, ndipo anawerenga ndime yonse mokweza osapunthwa.

Palinso PDF ina yoipirapo, ija imene munthu anangojambula masamba a buku ndi kamera. Imeneyi imalemera kwambiri ndipo foni yofooka imaima ikamaitsegula. Kuizindikira n'kosavuta: dinikizani chala pa liwu limodzi kwa kanthawi. Liwulo likapanda kudetsedwa, dziwani kuti mwatsitsa zithunzi, osati mawu.

Mabuku a EPUB aulere ambiri ali pa gutenberg.org. Ntchito imeneyi anaiyamba Michael Hart mu 1971, ndipo pano ili ndi mabuku oposa 70,000. Pafupifupi onse ndi akale, amene umwini wake unatha malinga ndi malamulo a ku America, ndipo ambiri ndi a Chingerezi. Mabuku a alembi athu amakono simuwapezamo, koma masewero a Shakespeare amene ana athu amakumana nawo ku sekondale alimo. Sipafunika kulembetsa dzina kapena kuika pulogalamu yawo. Mukatsegula tsamba la buku, mupeza mitundu ingapo ya fayilo, uliwonse ndi kulemera kwake pambali. Sankhani EPUB imene yalembedwa kuti "no images". Buku la nthano lalitali bwino la mtundu umenewu nthawi zambiri silifika 1 MB. Powerengera pake, ambiri pa msonkhanowo anayamikira ReadEra chifukwa imatsegula EPUB ndi PDF zomwe, siionetsa zotsatsa malonda, ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Ineyo ndikuona kuti pulogalamu imodzi yotere ikukwanira. Kudzaza foni ndi mapulogalamu angapo owerengera n'kudzilanda malo a mabuku.

Pamene tinakhalitsa ndi pa mabuku omvera, ndipo mpomveka, chifukwa mpamene bandulo imathera mosadziwika. Tsamba la pa intaneti la LibriVox, limene analiyamba Hugh McGuire mu 2005, lili ndi mabuku akale omwewo, owerengedwa mokweza ndi anthu ongodzipereka. Mawuwo amasungidwa ngati MP3, ndipo mtundu wopepuka ndi wa 64 kbps. Tinawerengera limodzi pa bolodi. Pa 64 kbps, sekondi imodzi imatenga 8 KB, mphindi imodzi 480 KB, ndiye ola limodzi limakwana pafupifupi 29 MB. Buku la maola 10 ndiye kuti ndi 290 MB. Mukasankha 128 kbps muwirikiza kawiri, pafupifupi 580 MB, chonsecho pa sipika ya kafoni kusiyana kwake simukumva. Taonani bwino apa: ola limodzi lomvera likudya malo amene akanasunga mabuku owerenga pafupifupi 30.

Tinatenga foni ya mnyamata wina wa gulu la ku Dowa ngati chitsanzo. Pabokosi inalembedwa 16 GB, koma titayang'ana pa Storage tinapeza kuti malo otsala sakufika 1 GB, poti ena anatengedwa ndi mapulogalamu a foni yomweyo, ena ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp. Buku lonse la maola 10 likanalowa, koma pa librivox.org buku lathunthu limabwera lomangidwa mu zip, ndipo pomasula pamafunika malo enanso ofanana nawo, kutanthauza pafupifupi 600 MB nthawi imodzi. Komanso netiweki ikaduka pakati, nthawi zina umayambiranso pachiyambi, bandulo itapita kale. Njira imene tinagwirizana ndi kutsitsa mutu umodzimodzi. Mutu wa mphindi 20 ndi pafupifupi 10 MB. Wamva, wafufuta, watsitsa wotsatira. Amene ali ndi memore khadi asunge zomverazo mmenemo. Ndipo poti owerengawo ndi ongodzipereka, ena amamveka bwino, ena amathamanga kapena Chingerezi chawo n'chovuta kutsatira, choncho mverani kaye mutu woyamba musanatsitse yotsalayo.

Chenjezo lina ndi loti mapulogalamu ambiri omvera amakoka mawu pa intaneti nthawi yomwe mukumvayo, inu n'kumaganiza kuti buku lili m'foni. Kuti mutsimikize, yatsani Airplane mode kenako tsegulani bukulo. Likalankhula, ndi lanu. Likangozungulira osayamba, ndiye kuti nthawi yonseyi limadya bandulo.

Za mapulogalamu ena a mabuku ndidutsapo msanga. Audible imadula ndalama mwezi ndi mwezi kudzera pa khadi la kubanki, ndipo nthawi yoyeserera ikatha imayamba kudula yokha ngati simunaletse. Libby ndi yaulere, koma imafuna khadi la laibulale imene inalowa nawo m'dongosolo lake, choncho ingathandize abale athu amene ali kunja monga ku Britain, osati ife kuno.

Funso limene linandigwira mtima ndi la mabuku a Chichewa. M'malo onse aulere amene tinaonetsedwa, Chichewa tinachipeza makamaka m'mabuku a ana. African Storybook, ya bungwe la Saide la ku South Africa, ili ndi nthano zazifupi za zithunzi m'zilankhulo zambiri za mu Afrika, Chichewa chili momwemo, ndipo zimatheka kuzisunga m'foni n'kumawerenga popanda intaneti. Posaka yesani mayina onse awiri, Chichewa ndi Chinyanja. Za mabuku a alembi athu amene amazungulira pa WhatsApp atajambulidwa ndi kamera, msonkhano unanena mosabisa kuti kugawana amenewo n'kumudyera thukuta mlembi, ndipo ine ndikupempha kuti gulu lathu lisakhale njira yake.

Pempho langa kwa komiti ndi ili. Tigule memore khadi imodzi ya gulu ndi bandulo imodzi pa mwezi, tisankhe munthu mmodzi wotsitsa mabuku amene tagwirizana, enafe tizilandira kudzera pa Bluetooth tsiku lokumana. Mabuku a EPUB amasamuka m'kanthawi kochepa, koma mitu yomvera imachedwa, ndiye ofuna zomvera azifika msanga foni zili zotchaja. Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi foni yake kuti tione malo otsala ndi kuikamo pulogalamu yowerengera, ndipo a Msungichuma atiuze ngati thumba lingakwanitse khadiyo mwezi uno.