Lipoti la maphunziro a alangizi a zamalamulo: mlandu woyeserera wa kumenya munthu

A Pampando ndi mamembala nonse, zokamba zotsegulira ndi za kasungidwe ka mafayilo zinali zomwe timazidziwa kale. Chimene chinapindulitsa ulendowu ndi khoti loyeserera, makamaka mawu omaliza a loya woimira woimbidwa mlandu.

Mlandu unali womenya ndi kuvulaza munthu, pansi pa gawo 254 la malamulo a milandu ndi zilango. Wodandaula anamenyedwa ndi botolo kunja kwa bala cha m'ma 9 koloko usiku. Loyayo sanatsutse zoti munthu anavulala, anavomera pomwepo, ndipo anasiya funso limodzi: kodi boma latsimikiza, popanda chikaiko chomveka, kuti womenyayo ndi uyu? Anakumbutsa majisitireti kuti udindo wotsimikiza uli ndi boma, ndipo gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limamutenga woimbidwa mlandu ngati wosalakwa, komanso limamulola kukhala chete.

Kenako analowa mu umboni wa boma womwewo. Wodandaula anati anamuona womenyayo maso ndi maso, koma lipoti la chipatala likuonetsa bala kunkhongo, kusonyeza kuti botolo linachokera kumbuyo. Mboni yachiwiri inali pamtunda wa mamita 20, kuwala kunali kwa babu limodzi la pakhomo, ndipo zonse zinatha mphindi isanakwane. Mu sitetimenti ya kupolisi mboniyo inangoti "munthu wa jekete yakuda". Dzina linatulukira m'khoti, ndipo apolisi sanachititse perete yoti mboni iloze munthu. Apa loyayo anatchula mlandu wa Turnbull wa ku England, wa mu 1976, umene umachenjeza kuti mboni yoona mtima ikhoza kulakwitsa munthu, choncho khoti lione mtunda, kuwala, nthawi, ndi ngati ankadziwana kale.

Chinandigwira mtima n'chakuti sananene mboni iliyonse kuti ndi yabodza. Gulu lina la ophunzira, poyeserera mlandu womwewu, linatero, linawonjezanso kuti mwina womenyayo anali mlendo wodutsa, ndipo linagwa nawo mlandu. Aphunzitsi anati chikaiko chomveka chimaloza malo ake mu umboni, "mwina" wopanda poyambira sawerengedwa. Ena anadandaula kuti chigamulo chomasula woimbidwa mlandu chinamulakwira wovulala uja. Ine ndikuti chinali cholondola: kumanga munthu wosalakwa kumasiya womenya weniweni ali pamudzi.

Zimenezi zikutikhudza. Kwathu kuno timaperekeza odandaula kupolisi patapita sabata, atamva kale mphekesera za pamsika, ndiye sitetimenti imasemphana ndi lipoti la chipatala. Ndinapempha kalekale kuti tipatule ndalama ya thiransipoti yoperekezera anthu tsiku lomwelo, komiti mpaka lero sinayankhe, chonsecho za alawansi yanga zinakambidwa msanga. Malisiti ndapereka kwa a msungichuma, ndipo pempholo ndikulibweretsanso pamsonkhano ukubwerawu.