Lipoti la msonkhano: mayeso amodzi, mapepala anayi

Aphunzitsi anzanga, munandituma ku msonkhano wokambirana za kuonerana pa mayeso a m'kalasi. Nkhani imene inatidyera nthawi ndi yokonza mapepala osiyana a mayeso amodzi, kuti ana oyandikana asalembe zofanana.

Tinayamba ndi kutsutsana kuti mapepalawo akhale angati. Ambirife timakonza awiri, A ndi B, n'kuwagawa mosinthanasinthana. Vuto lake n'lakuti mwana amene wakhala kutsogolo cha kumanja kapena cha kumanzere amakhala ndi pepala lofanana ndi la wakumbuyoyo, ndipo n'komwe diso limafika popanda kutembenuza khosi. Mapepala anayi amatseka mpata umenewu. Mzere woyamba mugawe A, B, A, B. Wachiwiri C, D, C, D. Wachitatu mubwerere ku A, B. Mukatero, anzake onse 8 omuzungulira mwana ali ndi pepala lina. Pamalo pa amene wajomba muikepobe pepala, apo ayi ndondomeko yonse isokonekera.

Kusiyanitsa kwake kulipo kuwiri. Kosavuta ndi kusuntha mafunso ndi mayankho osankha: funso 3 la pa A likhale funso 9 pa B. Koma mafunso ochokera pa ndime imodzi yowerenga asunthire limodzi, ndipo yankho loti "zonse zili pamwambazi" likhale kumapeto nthawi zonse.

Kwina ndi kusintha manambala, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Wotsogolera zokambirana analemba pa bolodi 2x + 6 = 14 ya pepala A, yankho lake 4. Ya B inali 3x + 5 = 20, yankho 5. Ntchito yake ndi imodzimodzi: kuchotsera, kenako kugawa. Ndiye analemba ya C, 4x + 7 = 2. Maonekedwe n'chimodzimodzi, koma yankho ndi −5/4. Mwana wa pepala C wakumana ndi nambala yochepera ziro komanso yosakwanira yathunthu, pamene anzake sanazione n'komwe. Kumeneko n'kumulanga chifukwa cha mpando. Njira yake: yambani mwasankha yankho, kenako mupange funso, ndipo musove pepala lililonse nokha musanasindikize.

Pepala lililonse likhale ndi mayankho akeake ochongera, ndipo chilembo chake chioneke pa tsamba lililonse, kuphatikizapo pomwe mwana akuyankhira. Mukachonga, yerekezani avereji ya magulu anayiwo. Ngati funso lina alikhoza a pa A, B ndi D koma a pa C alilephera pafupifupi onse, musafulumire kukalipa. Kawirikawiri cholakwika chili pa mayankho anu ochongera kapena pa funsolo.

Ena anadandaula kuti ntchito ichuluka, ndipo sakunama. Ine maganizo anga ndi oti pa mayeso akubwerawa tiyambe ndi kusuntha mafunso kokha, ndipo aphunzitsi awiri awiri azionerana mayankho ochongera. Za manambala tikambirane pa msonkhano wathu wotsatira, a masamu atabweretsa zitsanzo.